Maenzaimu, kutentha ndi pH: mafunso ndi mayankho aafupi a pamayeso

Ophunzira ambiri amene ndawachongera mapepala pa mutu uwu amaudziwa ndithu. Chimene chimawalanda malikisi ndi kudumpha. Munthu amalemba kuti "kutentha kwakwera, ndiye enzaimu yasiya kugwira ntchito," n'kuika cholembera pansi, osanena chimene chachitika pakati pa zinthu ziwirizo. Wochonga amafuna pakatipo. Pansi pa mafunso ambiri ndaikapo yankho lalifupi loti mukhoza kulemba, kenako ndafotokoza chifukwa chake lili choncho.

Kodi enzaimu n'chiyani?

Yankho lalifupi: Enzaimu ndi puloteni yopangidwa ndi maselo a zamoyo, imene imafulumizitsa riyakishoni koma iyo yosatha kapena kusinthika riyakishoniyo ikatha.

Muli mfundo zitatu m'chiganizochi: ndi puloteni, imafulumizitsa, ndipo siitha. Chinthu chofulumizitsa riyakishoni chosatha nawo chimatchedwa katalisiti, choncho mukalemba kuti enzaimu ndi katalisiti ya m'zamoyo mwanena mfundo ziwiri ndi mawu amodzi. Zoti enzaimu ndi puloteni anazisonyeza ndi James Sumner m'chaka cha 1926, atapatula enzaimu yotchedwa yuriyezi n'kupeza kuti ndi puloteni. Pambuyo pake kunapezeka mamolekyulu ena a RNA amene amagwiranso ntchito yofulumizitsa, koma funso la malikisi awiri silikufuna zimenezo.

Imafulumizitsa bwanji riyakishoni?

Yankho lalifupi: Imachepetsa mphamvu imene imafunika kuti riyakishoni iyambe.

Shuga woikidwa m'mbale akhoza kukhala zaka osaphwanyika, ngakhale mpweya wa okisijeni uli pomwepo. Kuti apse pamafunika moto. Koma m'maselo a thupi lanu shuga akuphwanyidwa nthawi ino pa 37 °C pokha, popanda lawi lililonse. Amachititsa zimenezi ndi maenzaimu. Amagwira molekyulu, kuikhazika moyenera ndi kufooketsa mabondi ake, kotero kuti kamphamvu kochepa kamakwanira kuyambitsa ntchito. Enzaimu siipereka mphamvu ku riyakishoni, ndipo siichulukitsa zotuluka. Sitachi yemweyo atulutsa shuga wochuluka chimodzimodzi, kungoti msanga.

Kamphako kogwirira ntchito n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani enzaimu imodzi imagwira chinthu chimodzi chokha?

Enzaimu ndi chingwe chachitali cha maamino asidi chimene chinapindidwapindidwa n'kukhala kampira. Pakampirako pali kamphako kakang'ono, kamene mabuku amakatcha akitivu saiti. Chinthu chimene enzaimu imagwirapo ntchito chimatchedwa sabusitireti, ndipo chimalowa m'kamphakoko. Zikalumikizana zimakhala chinthu chimodzi kwa kanthawi kochepa kwambiri, kompulekisi ya enzaimu ndi sabusitireti. Riyakishoni imachitika, zotuluka zimachoka, kamphako n'kutsala kopanda kanthu kudikira molekyulu ina.

Yankho lalifupi: Kamphako ka enzaimu kali ndi maumbidwe oyenerana ndi sabusitireti imodzi yokha. Sabusitireti ina singalowemo, choncho kompulekisi siipangika.

N'chifukwa chake amilezi wa m'malovu amaphwanya sitachi kukhala shuga wotchedwa malitozi, koma puloteni saikhudza n'komwe. Samalani ndi mawu apa. Musalembe kuti kamphako ndi sabusitireti "n'zofanana maumbidwe." Kiyi safanana ndi bowo la loko, amayenerana nalo. Ochonga ambiri sapereka malikisi pa mawu oti "zofanana."

Loko ndi kiyi, kapena kamphako kosintha pang'ono: ndilembe chiti?

Lembani chimene funso latchula. Fanizo la loko ndi kiyi anabwera nalo Emil Fischer mu 1894: kamphako n'kolimba, sabusitireti imangolowa. Mu 1958 Daniel Koshland anati kamphako sikouma gwa ngati chitsulo, koma kamasintha pang'ono sabusitireti ikamalowa n'kuikumbatira, monga mmene sokosi imatsatira phazi. Fanizo lachiwirili ndi lomwe lili pafupi ndi zoona, komanso limafotokoza bwino mmene mabondi a sabusitireti amafookera. Ngati funso silinatchule, loko ndi kiyi n'lokwanira m'makalasi a m'munsi.

Chimachitika n'chiyani kutentha kukamakwera kuchokera pozizira?

Yankho lalifupi: Mamolekyulu a enzaimu ndi a sabusitireti amapeza mphamvu yoyendera yambiri, amayenda mofulumira, amagundana kawirikawiri ndiponso mwamphamvu, choncho makompulekisi ambiri amapangika pa sekondi iliyonse ndipo liwiro la riyakishoni limakwera.

Werengani mfundo zimene zili m'yankholi: mphamvu yoyendera, kugundana, makompulekisi, liwiro. Funso la malikisi atatu limakhala likudikira zitatu mwa zimenezi. Enzaimu ilibe maso, siisaka sabusitireti. Zonse zimangoyandama m'madzi mwachisawawa, ndipo ntchito imachitika pokhapokha sabusitireti ikagunda kamphako molunjika bwino. Kutenthetsa madziwo ndi kuchulukitsa mwayi wa kugundanako.

M'chigawo chimenechi, maenzaimu ambiri amawirikiza liwiro lawo pafupifupi kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Muyeso wake umalembedwa Q10, ndipo mumaupeza pogawa liwiro la pa kutentha kwapamwamba ndi liwiro la pa madigiri 10 m'munsi mwake. Mwachitsanzo, ngati enzaimu yatulutsa mpweya wokwana 6 cm³ pa mphindi pa 20 °C, ndi 12 cm³ pa mphindi pa 30 °C, Q10 ndi 12 ÷ 6 = 2. Lamuloli limagwira pokhapokha kutentha kusanafike pa mlingo umene enzaimu imagwira bwino kwambiri.

Nanga n'chifukwa chiyani liwiro limagwa kutentha kukapitirira?

Funso ili ndi limene limabwera kawirikawiri, ndipo ndi pamene anthu amadumpha.

Yankho lalifupi: Kutentha kwakukulu kumagwedeza molekyulu ya enzaimu mpaka mabondi amene amasunga maumbidwe ake, monga mabondi a haidirojeni, amaduka. Kamphako kamasintha maumbidwe, sabusitireti siyeneranso, makompulekisi sapangika, ndipo liwiro limatsika. Enzaimu yadinechedwa.

Kudinechedwa ndi dzina la kuwonongeka kwa maumbidweku, ndipo mawuwo pawokha amakhala ndi malikisi ake, choncho musawasiye. Kuti mumvetse, kumbukirani chingwe chopindidwa chija. Maamino asidi olumikizana m'chingwemo amagwirana ndi mabondi olimba a pepitaidi, ndipo amenewa saduka ndi kutentha kwa madzi owira. Amene amaduka ndi mabondi ofooka ogwira mapindidwe, olumikiza mbali ina ya chingwe ndi inzake. Akaduka chingwe chimamasuka. Maamino asidi amene anali moyandikana kupanga kamphako amatalikirana, kamphako n'kutha. Chingwe chilipo chonse, koma sichilinso chida.

Mwaonapo choyera cha dzira chikugwera m'mafuta otentha. Chinali chamadzimadzi, choonekera mkati. M'kanthawi kochepa chayera mbee, chalimba. Amenewo ndi mapuloteni amene amasuka n'kukolanakolana. Ngakhale mulisiye dziralo lizizire tsiku lonse, silibwerera mwakale. Enzaimu yophitsidwa imachita chimodzimodzi, n'chifukwa chake pamayeso timati kudinechedwa ndi kutentha sikubwezeka.

Ndingalembe kuti enzaimu yafa?

Ayi. Enzaimu ndi molekyulu, sinakhalepo yamoyo. Mawu oti "yafa" kapena "yaphedwa" amakulandani malikisi ngakhale zina zonse zili bwino.

Kodi kuzizira nakonso kumadinecha enzaimu?

Yankho lalifupi: Ayi. Pozizira mamolekyulu amakhala ndi mphamvu yoyendera yochepa, amagundana mwa apo ndi apo, choncho liwiro limakhala lotsika. Maumbidwe a kamphako sasintha, ndipo enzaimu imayambiranso ikatenthetsedwa.

Chimasokoneza ophunzira n'chakuti pa girafu, mbali yozizira ndi mbali yotentha zimaoneka chimodzimodzi: konse liwiro lili pafupi ndi ziro. Koma zifukwa zake n'zosiyana kotheratu, ndipo pali njira yosavuta yozisiyanitsira. Tengani machubu awiri a amilezi. Limodzi liikeni m'madzi oundana, lina m'madzi owira, kwa mphindi khumi. Kenako onse awiri muwabweretse pa 37 °C, muthiremo sitachi. Mu chubu lochokera kozizira sitachi atha monga mwa nthawi zonse. Mu lochokera m'madzi owira sitachi akhala momwemo. Funso likati "mungasonyeze bwanji kuti enzaimu sinadinechedwe pa 5 °C," yankho ndi limenelo: itenthetseni pang'onopang'ono mpaka pa mlingo wake woyenera, muone ngati igwire ntchito.

Firiji imasunga chakudya pa chifukwa chomwechi. Maenzaimu a m'chakudya ndi a tizilombo amachita ulesi, koma alipo, ndipo chakudya chikatuluka amayambiranso.

N'chifukwa chiyani girafu ya kutentha imakwera pang'onopang'ono koma n'kugwa mwadzidzidzi?

Pali zinthu ziwiri zimene zikukokana. Kutentha kumachulukitsa kugundana, ndipo zimenezi zimakwera mosadukiza kuyambira pozizira. Kutentha komweko kumawononganso mamolekyulu a enzaimu, koma kuwonongaku kumakhala kochepa kwambiri mpaka pa mlingo wina, kenako kumakula msangamsanga pa madigiri ochepa chabe. Nsonga ya girafu, imene timaitcha opitimamu, ndi pamene phindu la kugundana lisanagonjetsedwe ndi kuwonongeka. Pojambula, mbali ya kumanja ikhale yotsetsereka kwambiri kuposa ya kumanzere. Phiri lofanana mbali zonse ndi lolakwika pa girafu ya kutentha.

Kodi opitimamu ya enzaimu iliyonse ndi 37 °C?

Ayi, ndipo funso lokhala ndi girafu limatchera msampha pomwepa. Maenzaimu ambiri a m'thupi la munthu amagwira bwino pakati pa 37 °C ndi 40 °C. Koma bakiteriya wotchedwa Thermus aquaticus, amene anapezeka mu akasupe otentha a ku Yellowstone ku America, ali ndi enzaimu yokopera DNA imene imagwira bwino kupitirira 70 °C, ndipo m'malabu amaigwiritsa ntchito pa chifukwa chomwecho. Werengani opitimamu pa girafu imene mwapatsidwa, osati m'mutu mwanu.

pH imasintha bwanji ntchito ya enzaimu?

Yankho lalifupi: Enzaimu iliyonse ili ndi pH imene imagwira bwino kwambiri. pH ikachoka pamenepo, kuchuluka kwa maayoni a haidirojeni kumasokoneza mabondi a ayoniki ndi a haidirojeni, kamphako kamasintha maumbidwe, sabusitireti siyenera bwino, ndipo liwiro limatsika. pH ikatalikira kwambiri enzaimu imadinechedwa.

pH ndi muyeso wa kuchuluka kwa maayoni a haidirojeni, H⁺. Pansi pa 7 ndi asidi, pamwamba pa 7 ndi alikali. Sitepe imodzi pa sikelo imeneyi si yaing'ono ayi: pH 3 ili ndi H⁺ wochuluka kakhumi kuposa pH 4, ndipo pH 2 imaposa pH 7 ka 100,000.

Maamino asidi ena ali ndi timagulu tokhala ndi chaji, tina pozitivu, tina negativu. Timagulu tosiyana chaji timakokana, ndipo kukokanako n'kumene kumathandiza kusunga mapindidwe. H⁺ akachuluka amamatirira pa timagulu ta negativu n'kuzimitsa chaji yake. Akachepa, timagulu ta pozitivu timataya H⁺ wake, chaji n'kuzimanso. Mulimonsemo kukokana kumatha. Ndiye chifukwa chake girafu ya pH imatsika mbali zonse ziwiri pa chifukwa chimodzi, mosiyana ndi ya kutentha imene mbali iliyonse ili ndi chifukwa chake. M'yankho la pH musatchule mphamvu yoyendera kapena kufulumira kwa mamolekyulu. Asidi safulumizitsa kapena kuchedwetsa kuyenda kwawo.

Kusintha kwa pH kwakung'ono nthawi zambiri kumabwezeka: mukabwezera pH pamalo pake, chaji imabwerera, enzaimu n'kuyambiranso. Kwakukulu ndiye kumamasula chingwe chonse.

Ndi zitsanzo ziti za pH zoti ndizisunge pamtima?

Zitatu za m'njira ya chakudya n'zokwanira. Amilezi wa m'malovu amagwira bwino pafupi ndi pH 7. Pepisini wa m'mimba, wophwanya mapuloteni, amagwira bwino pafupi ndi pH 2, m'kati mwa asidi wa haidirokiloriki. Tiripisini, wochokera ku kapamba n'kumagwira ntchito m'matumbo aang'ono, amafuna pafupifupi pH 8.

Funso lotchuka limati: n'chifukwa chiyani kugaya sitachi kumaima chakudya chikafika m'mimba? Yankhani kuti m'mimba muli pH yotsika kwambiri kuposa opitimamu ya amilezi, kamphako kake kamasintha maumbidwe, sitachi sakwanamo. Pepisini naye akatsikira m'matumbo aang'ono amasiya ntchito, chifukwa ndulu ndi madzi a kapamba zimachotsa ukali wa asidi uja.

Ndapatsidwa zotsatira za kuyesa amilezi ndi sitachi. Ndiyambire pati?

Yambani ndi kumvetsa chimene chikuyezedwa. Ayodini ndi wa mtundu wa bulawuni wonkira ku olenji. Akakumana ndi sitachi amasanduka wabuluu woderako, pafupifupi wakuda. Woyesa amadontheza ayodini m'timaenje ta mbale yoyera, kusakaniza amilezi ndi sitachi mu chubu, n'kumatapa kadontho masekondi 30 aliwonse kukaika m'kaenje katsopano. Poyamba dontho lililonse limada bii. Kenako mtundu umayamba kufooka, mpaka kufika pa kaenje kamene ayodini sasintha. Pamenepo sitachi watha, ndipo nthawiyo ndi imene imalembedwa.

Tiyerekeze kuti funso lakupatsani nthawi izi: pa 10 °C masekondi 480, pa 20 °C masekondi 240, pa 30 °C masekondi 120, pa 40 °C masekondi 60, pa 50 °C masekondi 150, ndipo pa 60 °C dontho linali likudabe patatha masekondi 600.

Choyamba, nambala yaikulu apa ikutanthauza ntchito yochedwa. Chaka chilichonse pamapezeka wina wolemba kuti enzaimu inagwira bwino pa 10 °C chifukwa 480 ndi yaikulu. Kuti musasokonezeke, sandutsani nthawi kukhala liwiro: liwiro = 1 ÷ nthawi. Pofuna kupewa tinambala ting'onoting'ono, ambiri amagwiritsa ntchito 1000 ÷ nthawi. Mukatero mupeza 2.1 pa 10 °C, 4.2 pa 20 °C, 8.3 pa 30 °C, 16.7 pa 40 °C ndi 6.7 pa 50 °C. Onani kuti kuchokera pa 10 °C mpaka 40 °C liwiro likuwirikiza kawiri pa madigiri 10 aliwonse, Q10 uja, kenako pa sitepe imodzi yokha latsika kuposa theka.

Tsopano taonani mawu amene funso layambira. Ngati likuti munene zimene zikuoneka, musapereke zifukwa, tchulani mayendedwe ndi manambala: "Liwiro likukwera kuchokera pa 2.1 pa 10 °C kufika pachimake, 16.7, pa 40 °C, kenako likutsika msanga kufika 6.7 pa 50 °C. Pa 60 °C sitachi sanathe m'masekondi 600." Ngati likuti mufotokoze chifukwa, ndi pamene mumabweretsa kugundana kumbali yokwera ndi kudinechedwa kumbali yotsika. Kulemba zifukwa zokongola pa funso longofuna manambala ndi kutaya nthawi, ndipo malikisi ake simuwaona.

Pali kafunso kena kamene kamakonda kubwera kumapeto: kodi opitimamu ndi 40 °C ndendende? Simunganene choncho. Palibe amene anayesa pa 35 °C kapena pa 45 °C, ndipo nsonga yeniyeni ikhoza kukhala paliponse pakati pa 30 °C ndi 50 °C. Yankho ndi kubwereza kuyesako pa masitepe aang'ono, monga madigiri 2, pakati pa malire awiriwo.

Ndi zinthu ziti zoyenera kusasintha poyesa, ndipo zolakwika zimadziwika bwanji?

Poyesa kutentha, sungani pH pamalo amodzi pothira bafa, madzi amene amaletsa pH kusintha. Poyesa pH, sungani kutentha pamalo amodzi poika machubu m'beseni la madzi a mlingo umodzi, themomita ili momwemo. M'zonse ziwiri, kuchuluka ndi mphamvu ya amilezi ndi ya sitachi zikhale zomwezo. Musalembe kuti "zonse zikhale zofanana"; tchulani chinthucho ndi mmene muchisungire.

Cholakwika chimene ndachiona kawirikawiri mu labu ndi kufulumira kusakaniza. Gulu lina linapeza kuti amilezi akugwira ntchito bwinobwino pa 70 °C, n'kuyamba kukayikira buku. Titafufuza, tinapeza kuti anasakaniza amilezi ndi sitachi patebulo, kenako n'kuviika chubu m'madzi otentha. Pamene madzi a mu chubu amafika pa 70 °C n'kuti atadutsa kale pa 30 °C ndi 40 °C, sitachi wambiri atagayidwa m'njira. Njira yoyenera ndi kuika amilezi ndi sitachi m'machubu osiyana, kuwasiya m'beseni mphindi zisanu kuti afike pa mlingo wofunika, kenako n'kusakaniza ndi kuyambitsa wotchi nthawi yomweyo.

Ngati dontho loyamba lenileni silikuda, amilezi wachuluka mphamvu ndipo sitachi watha musanayambe kuwerenga. Musungunuleni ndi madzi. Ngati madontho onse akuda pa kutentha kulikonse, ngakhale pa 37 °C, kaikirani amileziyo, mwina anakhalitsa kapena anasungidwa potentha. Chubu loyerekezera, la sitachi ndi amilezi wowiritsidwa, liyenera kukhala likuda mpaka kumapeto, kusonyeza kuti wogaya sitachi ndi enzaimu yogwira ntchito osati kutentha pakokha.

Njirayi ili ndi malire ake awiri amene funso lingakufunseni. Potapa masekondi 30 aliwonse, nthawi yeniyeni imene sitachi wathera ikhoza kukhala paliponse m'kati mwa masekondi 30 amenewo, ndipo pa chotsatira cha masekondi 60 kusiyana kumeneko n'kwakukulu. Komanso kuweruza mtundu ndi maso kumasiyana munthu ndi munthu. Tapani pafupipafupi, monga masekondi 10 aliwonse, ikani pambali dontho la ayodini wosasakaniza loti muziyerekezera nalo, ndipo bwerezani katatu pa mlingo uliwonse n'kupeza avereji.

Girafu yafika pophwatalala. Kodi pamenepo enzaimu yadinechedwa?

Yang'anani kaye zimene zalembedwa m'mphepete mwa girafu. Ngati mzere wogona ukusonyeza nthawi ndipo woimirira ukusonyeza zotuluka, monga okisijeni wotuluka enzaimu yotchedwa katalezi ikamaphwanya haidirojeni perokisaidi, kuphwatalala kukutanthauza kuti sabusitireti yatha. Ngati mzere wogona ukusonyeza kuchuluka kwa sabusitireti, kuphwatalala kukutanthauza kuti timphako tonse tadzaza, ndipo chimene chikuchepa ndi enzaimu.

Kudinechedwa kumaoneka pa girafu ya nthawi pamene mizere iwiri yaikidwa pamodzi. Mzere wa 37 °C umakwera n'kukaphwatalala pamwamba, tinene pa 40 cm³. Mzere wa 60 °C umanyamuka mwaliwiro kuposa unzake m'masekondi oyamba, chifukwa kugundana n'kochuluka ndipo enzaimu imakhala isanawonongeke yonse, koma umaphwatalala msanga m'munsi, mwina pa 15 cm³. Sabusitireti inali yofanana m'machubu onse, choncho mu chubu lotenthalo yatsalamo yambiri. Chimene chatha ndi enzaimu yogwira ntchito. Kuti mutsimikize, ziziritsani chubulo kufika pa 37 °C n'kuthiramo katalezi watsopano. Thovu liyambiranso.